Kuswa kapena kuphatikiza: chifukwa chiyani zonse zimatulutsa mphamvu?

"Ngati kuswa phata la atomu kumatulutsa mphamvu, ndiye kuti kuphatikiza kumadya mphamvu." Mawu amenewa akalamba, koma ndi olakwika.

Chinsinsi chili pa mphamvu imene imamanga tizigawo ta m'phata, mapulotoni ndi manyutiloni, mukaigawa pa kachigawo kalikonse. Pa dyuteriyamu, mtundu wa haidurojeni, ndi pafupifupi 1.1 MeV, muyeso wa mphamvu za m'phata, pa hiliyamu-4 ndi 7.1, pa chitsulo-56 ndi nikelo-62 imafika pachimake cha pafupifupi 8.8, kenako imatsika pang'onopang'ono kufika 7.6 pa yuraniyamu-235. Mukajambula kuyambira maatomu opepuka kumanzere mpaka olemera kumanja, mzerewo umakhala ngati phiri lotsetsereka kwambiri kumanzere.

Mphamvu imatuluka pamene zotsatira zake zamangika kolimba kuposa zoyamba, kutanthauza kuyandikira nsonga ya phirilo. Yuraniyamu amayandikira posweka, haidurojeni pophatikizana. Mukaswa hiliyamu, mukutsika phiri, ndipo mphamvuyo muilipira ndinu.

Werengani nokha. Zidutswa za yuraniyamu zimakhala pa 8.5, ndiye kusiyana ndi 0.9. Chulukitsani ndi tizigawo 235, mupeza pafupifupi 200 MeV. Tikawerenga mphamvu yomanga phata lonse, dyuteriyamu ndi tiritiyamu, mtundu wina wa haidurojeni, pamodzi ali ndi 10.7 MeV, hiliyamu-4 amene amapangika akaphatikizana ali ndi 28.3, ndiye zotuluka ndi 17.6 MeV.

Chimasokoneza ambiri n'choti mphamvu yomanga phata siyosungidwa m'phata ngati mafuta m'thanki. Ndi mphamvu imene inachoka kale pomwe phatalo linkapangika, n'chifukwa chake limapepuka kuposa tizigawo take tikakhala patokha, malinga ndi E = mc².

Musanagawire ena zimene mwamva, fufuzani manambala a zoyamba ndi a zotsatira patebulo la mphamvu yomanga phata, muchotsere, muone ngati akukwera kapena akutsika.