Chifukwa chake timu yanu imasewera magemu awiri motsatizana koyenda

Fikisicha ikangotuluka madandaulo amakhala omwe aja chaka ndi chaka, akuti atiyika koyenda kawiri motsatizana, ena akuti atipatsa ulendo wa ku Karonga kenako Lachitatu tili ndi gemu ina, ndiye basi olemba fikisicha ndi masapota a timu yakuti. Ntchito yolemba mafikisicha ndimaigwira m'maligi ang'onoang'ono, ndipo sindikana kuti zokondera zimatheka, koma zambiri zomwe anthu amazitcha kukondera ndi masamu chabe. Tiyeni titenge Super League yathu yomweyi ya matimu 16 ngati chitsanzo chifukwa aliyense akuidziwa.

Matimu 16, iliyonse kukumana ndi inzake kawiri, pakhomo ndi koyenda, ndi magemu 240. Timu iliyonse magemu 30, ndipo pa raundi imodzi pamakhala magemu 8. Kungopeza kuti ndani akumana ndi ndani sabata iti sikovuta, mwana wa sekondale atha. Mumalemba matimu mizere iwiri ya 8 moyang'anizana, timu imodzi mumaikhomera pamalo pake osasuntha, zotsalazo 15 zimasendera mpando umodzi sabata iliyonse, pakatha maraundi 15 aliyense wakumana ndi aliyense kamodzi. Chigawo chachiwiri mumangotembenuza, yemwe anali pakhomo apite koyenda. Mutu umayamba kupweteka mukafika pofunsa kuti ali pakhomo ndani, pa bwalo liti, tsiku lanji, ndipo ayimbira ndani.

Aliyense amafuna timu yake izisinthanitsa, sabata ino pakhomo, yamawa koyenda, choncho mpaka sizoni ithe. Zimenezo kwa matimu onse sizingatheke, ngakhale mutabweretsa kompyuta yamphamvu bwanji. Kasinthidwe kotero kalipo mitundu iwiri yokha, kuyambira pakhomo (PKPKPK...) kapena kuyambira koyenda (KPKPKP...). Tsono matimu awiri akakhala ndi ndondomeko yofanana ndendende sangakumane, chifukwa sabata iliyonse onse ali pakhomo kapena onse ali koyenda, pomwe gemu imafuna wina akhale mwini khomo wina mlendo. Nde kuti matimu omwe angasinthanitse bwinobwino chigawo chonse ndi awiri basi. Enawo 14 aliyense ayenera penapake kusewera awiri motsatizana pakhomo kapena awiri motsatizana koyenda, ndipo apa tikunena fikisicha yabwino kwambiri yomwe ingatheke, tisanayike nkomwe za mabwalo ndi maulendo. Mukaona KK kamodzi pa timu yanu musathamangire kunyoza. Zodandaulitsa ndi pamene timu imodzi ili ndi KKK pomwe ina ilibe ngakhale KK.

Kenako bwalo. Ku Blantyre, Bullets ndi Wanderers akhalapo akugwiritsa ntchito Kamuzu Stadium onse awiri, ndipo pena pamakhalanso matimu ena a mumzindamo ofuna bwalo lomwelo. Kumpoto Chitipa United inakhalapo ikusewerera magemu ake apakhomo pa Karonga Stadium limodzi ndi Karonga United. Matimu awiri a bwalo limodzi timawapatsa ndondomeko zotsutsana, wina akakhala P mnzake akhale K sabata iliyonse, ndipo mwayi wake njira yozungulira ija, ma P ndi ma K akaikidwa bwino, imatulutsa matimu awiriawiri otsutsana chomwechi. Akakhala atatu pa bwalo limodzi zimenezi zimatha mphamvu, chifukwa pa atatu sabata zambiri awiri amapezeka ali pakhomo, ndiye wina atenge Loweruka wina Lamulungu. Wikendi ili ndi masiku awiri okha, ndipo mabwalo ambiri alibe magetsi osewerera usiku, gemu iyambe cha m'ma 2:30 kapena 3 koloko kuti ithe kusanade. Ndiye bwalo limodzi limakupatsani mipata iwiri pa wikendi, yoposera apo ndi ya pakati pa sabata pomwe anthu ali ku ntchito ndipo za pageti zimachepa. Ndi chifukwa chake polemba timayamba ndi bwalo lopanikizika kwambiri, timu yomwe ili ndi bwalo lakelake imabwera kumapeto poti ikhoza kulowa paliponse.

Tsopano nkhani ya mtunda, pomwe pali ndalama zenizeni. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Karonga pa M1, kudutsa Lilongwe ndi Mzuzu n'kutsetsereka Chiweta, ndi makilomita pafupifupi 900, pa basi ya timu ndi tsiku lathunthu. Chitipa ili makilomita ena pafupifupi 100 kuchokera pa Karonga. Tiyerekeze sizoni yomwe matimu onse awiriwa ali mu ligi, aliyense pa bwalo lake. Timu ya ku Blantyre ikapita maulendo awiri osiyana, wa ku Karonga ndi 1,800 kupita ndi kubwera, wa ku Chitipa 2,000, pamodzi 3,800. Ikaphatikiza magemu awiriwo pa ulendo umodzi imayenda 2,000 basi. Kusiyana kwa 1,800 kumeneko ndi dizilo, malo ogona ndi maalawansi a ulendo wonse wathunthu, ndiye musadabwe kuti ma timu opanda siponsa wamphamvu amachita kupempha okha kuti awaphatikizire, ndipo anthu akale mu mpira akukumbukira timu ikusewera Loweruka n'kuseweranso Lamulungu pa ulendo umodzi.

Koma onani zomwe zimatsatira. Tiitche timu ya ku Blantyre ija A. Loweruka yasewera ndi Karonga, gemu yachiwiri ikukumana ndi Chitipa yomwe yakhala ikupuma sabata yonse. Chitipa yapeza mlendo wotopa, Karonga inapeza mlendo wamphamvu zake, ndipo zikamachitika chomwechi ndi mlendo aliyense sizoni yonse mapoyinti ake amaonekera pa tebulo. Njira yokonzera ndi kutumiza alendo awiri, A ndi B. Tsiku loyamba Karonga ndi A, Chitipa ndi B. Tsiku lachiwiri asinthane, Karonga ndi B, Chitipa ndi A. Tsopano matimu onse anayi asewera kawiri, palibe wopeza mnzake ali wopuma. Ine ndimakonda tsiku lachiwirilo likhale Lachiwiri kapena Lachitatu kuti miyendo ipume masiku awiri kapena atatu, koma dziwani kuti usiku uliwonse woonjezera ndi bilu ya malo ogona ndi chakudya cha anthu oposa 25, ndiye zomwe munapulumutsa pa dizilo zimayamba kudyeka.

Nanga B akhale ndani? Maganizo oyamba amati tengani timu inzake ya ku Blantyre, mwina mpaka agawane zina pa ulendo. Koma ngati A ndi B ndi aja a bwalo limodzi, mwaphwanya lamulo lija loti wina akakhala koyenda mnzake akhale pakhomo. Bwalo lawo likhala lopanda gemu yawo maraundi awiri, ndipo ngongole imeneyi mudzailipira kutsogolo pamene onse awiri adzafuna kukhala pakhomo sabata imodzi. Ndiye B ndi bwino ichokere bwalo lina, mwina ku Lilongwe. Komanso Karonga ndi Chitipa tsopano zili ndi PP, nazonso zikamatsika kumwera zidzaphatikiziridwa, KK. Ma PP ndi ma KK omwe tinati ochepetsetsa ndi amodzi pa timu aja achuluka tsopano, ndipo achuluka mwadala, posinthanitsa ndi makilomita. Sapota akuona KK, msungichuma wa timu yake yomweyo akuona ulendo umodzi wopulumutsidwa.

Zikakhala kuti Karonga ndi Chitipa zili pa bwalo limodzi ngati kale lija, tsiku loyamba lifuna magemu awiri pa bwalo lomwelo, yoyamba iyambe dzuwa lili paliwombo. Amene anakhalapo ku Karonga mwezi wa Okotobala akudziwa kuti zimenezo si zoti n'kuuza anthu azithamanga mphindi 90. Ndiye mumawamwaza, Loweruka imodzi, Lamulungu imodzi, Lachiwiri, Lachitatu, ndipo kupuma sikufanananso, pa gemu ya Lachiwiri wina anasewera Loweruka wina Lamulungu.

Oyimbira anthu amawaiwala mpaka tsiku lomwe alakwitsa. Gemu iliyonse imafuna anayi, wapakati, onyamula mbendera awiri ndi wachinayi wa panja uja, kupatula komishonala wa gemu. Raundi imodzi ya magemu 8 ndi anthu 32, ndipo ambiri ali ndi ntchito zawo, aphunzitsi, asilikali, a m'maofesi, ndiye gemu ya Lachitatu kutali ndiye kuti akapemphe tchuthi. Pa ulendo wathu uja magemu ndi 4, mipando 16, koma simungatumize anthu 16, mutumiza magulu awiri a anayi kuti aliyense agwire magemu awiri. Apa pali kamsampha komwe ambiri sakaona. Gulu lomwe layimbira Karonga ndi A tsiku loyamba, tsiku lachiwiri lili ndi zosankha ziwiri zokha, Karonga ndi B kapena Chitipa ndi A, ndipo monsemo muli timu yomwe langoiyimbira kumene. Ngati panali penate yokanganitsa kapena khadi yofiira, woyimbira yemweyo akukumananso ndi anthu omwe akadali ndi mkwiyo. Kuthawiratu sikutheka ndi magulu awiri, chomwe timachita ndi kusinthanitsa mipando, wapakati wa tsiku loyamba akhale wachinayi tsiku lachiwiri, wachinayi alowe pakati. Izi zikutanthauza kuti pa gulu lililonse pakhale anthu awiri a giredi yoyimbira pakati pa gemu ya msinkhu umenewo, ndipo anthu otere ndi amene amakhala ochepa. Kutenga a pafupi kumachepetsa thiransipoti, koma woyimbira wa m'dera lomwelo akamaonekera pa magemu a timu imodzi pafupipafupi alendo amayamba kulankhula, ngakhale atayimbira bwino chotani.

Ndiye polemba timagawa malamulo pawiri. Ena ndi osaphwanyika: timu isasewere kawiri tsiku limodzi, bwalo lisakhale ndi magemu awiri nthawi imodzi, woyimbira asapezeke malo awiri. Ena ndi zokhumba, monga kuchepetsa ma KK, makilomita, kufananitsa masiku opuma, ndipo chilichonse timachipatsa mtengo wake tikachiphwanya n'kusaka fikisicha yomwe mtengo wonse ndi wotsika. Kaya mukuchita pa Excel kaya pa pulogalamu yapadera, makinawo sangakuuzeni kuti tsiku limodzi lopuma ndi lofanana ndi makilomita angati, chimenecho ndi chigamulo cha anthu ndipo bwenzi matimu atagwirizana sizoni isanayambe.

Zonsezi zimagwedezeka gemu imodzi ikaimitsidwa. Sizoni yomwe imayamba mu Epulo n'kutha mu Disembala ili ndi masabata osapitirira 40, ligi yokha ikufuna 30, otsalawo agawane makapu, Flames ndi magemu a CAF. Gemu ya A ndi Chitipa ikalephereka chifukwa A ili kunja kwa dziko, si gemu imodzi yokha yomwe yasuntha, B yatsala yopanda mnzake wosinthana naye ndipo A idzayenda 2,000 ija payokha pakati pa sabata ina, ulendo womwe tinavutika kuupewa uja.

Mukafuna kuyesa fikisicha ngati yakukonderani kapena yakuponderezani, lembani P ndi K za timu yanu ndi za timu yomwe mukuikayikira, muwerenge ma KK, kenako pa gemu iliyonse mulembe masiku omwe timu yanu yapuma ndi omwe mdani wapuma. Pa sizoni yonse kusiyanako kuyenera kuyandikira ziro, ndipo mufananitse ndi timu ya dera lanu lomwelo, chifukwa ya ku Karonga idzayenda kwambiri kuposa ya ku Lilongwe pa fikisicha iliyonse yomwe munthu angalembe.