Chikumbutso chizinena chochita ndi nthawi yake

Ambiri amene amaphonya tsiku la kukiliniki kuno ku Joni sikuti analibe chikumbutso. Anachilemba, koma chinali cha mawu amodzi: "kuchipatala" kapena "mankhwala". Foni ikalira muli mu takisi kapena muli pakati pochapa kwa abwana, mawu otere sakuuzani choti muchite. Mumangoizimitsa n'kunena kuti ndiona bwino, basi tsiku n'kudutsa.

Chikumbutso chabwino chimayamba ndi ntchito imodzi yoti muchite, monga imbani, nyamulani, pitani kapena imwani. Kenako chinene tsiku, ola ndi malo. M'malo molemba "kiliniki sabata ino", lembani kuti: "Lachiwiri 10 koloko m'mawa, imbani kukiliniki, funsani ngati tsiku langa lingasinthidwe." Nambala ya foni ikhale momwemo, chifukwa mukayamba kuifunafuna m'chikwama mpata watha. Ola lake likhale limene mumapumadi pantchito, komanso kiliniki ili yotsegula.

Titenge chitsanzo cha mayi wa ku Rosettenville amene amagwira ntchito zam'nyumba ndipo amabayitsa jakisoni wolera. Kumudzi tinazolowera Depo wa miyezi itatu, koma kuno aliponso Nur-Isterate amene amabaya pakatha masabata 8 aliwonse. Mayi akangolemba kuti "jakisoni mwezi wamawa" modalira chizolowezi cha kwathu, angathe kuchedwa ndi masabata angapo, ndipo chitetezo ku mimba chimachepa. Tsiku lenileni ndi lomwe anamwino alemba pakhadi, ndiye likopereni musanatuluke pageti.

Tinene kuti pakhadi alemba Lachinayi pa 14. Chikumbutso chimodzi cha tsikulo sichikwanira, popeza chimene chimalepheretsa anthu kawirikawiri ndi chilolezo cha kuntchito ndi ndalama ya takisi. Choyamba chilire kutatsala sabata: "Lachinayi pa 7, ndikafika kuntchito, ndiuze abwana kuti pa 14 ndibwera masana." Chachiwiri chilire madzulo a pa 13: "8 koloko usiku, ikani khadi ndi ndalama ya takisi m'chikwama." Chachitatu ndi cha m'mawa wa tsikulo: "Hafu pasiti faifi, nyamukani kupita kukiliniki." Onani kuti talemba nthawi yonyamukira pakhomo, osati yofikira, poti alamu yolira pa ola limene mumayenera kukhala pamzere yachedwa kale.

Ambirife timagona angapo m'chipinda chimodzi, ndipo foni imagwiridwa ndi anthu ena. Simuyenera kutchula matenda kapena dzina la mankhwala. "8 koloko usiku, piritsi limodzi, ndikatha kudya" ndi chomveka kwa mwini wake ndipo sichiulula kanthu.

Kuti muyese chimene mwalemba, chiwerengeni ngati munthu wotopa amene wangodzuka. Ngati mukufunsabe kuti ndiimbire ndani kapena ndinyamule chiyani, chilembeninso. Mukaphonya tsiku la jakisoni, musadikire mwezi wina. Pitani kukiliniki tsiku lotsatira limene atsegula, ndipo gwiritsani ntchito kondomu mpaka anamwino akuuzeni zoyenera kuchita.