Buloko lalikulu mu kashe: limachepetsa kuphonya kwina, n'kuwonjezera kwina

Pulosesa ya kompyuta imagwira ntchito mofulumira kwambiri kuposa momwe memori yaikulu ingaiperekere zinthu. N'chifukwa chake pafupi ndi pulosesa pamakhala kamemori kakang'ono koma kachangu, kotchedwa kashe. Pulosesa ikafuna nambala, imayamba yayang'ana mu kashe. Ikaipeza, ntchito imapitirira pomwepo. Ikapanda kuipeza timati yaphonya, ndipo imadikira kuti nambalayo ichokere kutali. Kashe sitenga nambala imodzi yokhayo ayi. Imatenga chigawo chonse cha memori chomwe muli nambalayo pamodzi ndi zoyandikana nayo, ndipo chigawo chimenechi ndicho buloko. M'makompyuta ambiri a masiku ano buloko limakhala la mabayiti 64, ndipo bayiti ndi muyeso waung'ono wa kukula kwa memori.

Funso lomwe ophunzira amakonda kufunsa ndi lakuti: ngati kutenga zoyandikana kumathandiza, bwanji osakulitsa buloko kufika pa mabayiti 256 kapena kupitirira? Yankho limaoneka bwino tikadziwa kuti kuphonya kuli mitundu itatu, monga momwe Mark Hill anakugawira pa kafukufuku wake ku yunivesite ya California ku Berkeley m'zaka za m'ma 1980.

Mtundu woyamba ndi kuphonya kosapeweka. Buloko lomwe silinakhudzidwepo silingapezeke mu kashe, ngakhale kasheyo itakhala yopanda malire. Wachiwiri ndi kuphonya kwa kuchepa malo: buloko linalimo, koma linachotsedwa chifukwa zomwe pulogalamu ikugwiritsa ntchito zachuluka kuposa kashe yonse. Wachitatu ndi kuphonya kolimbirana, ndipo umenewu ndi umene umafunika kuufotokoza pang'onopang'ono. Kashe imagawidwa m'zipinda, chipinda chilichonse chokwana buloko limodzi. Mu kashe yosavuta kwambiri, buloko lililonse lili ndi chipinda chimodzi chokha chomwe limaloledwa kukhalamo, ndipo chipindacho chimadziwika ndi adilesi yake, yomwe ndi nambala ya malo ake mu memori. Zili ngati holo yomwe munthu aliyense anauzidwiratu nambala ya mpando wake: anthu awiri akapatsidwa nambala imodzi amangodzutsana, pomwe mipando ina ili yopanda anthu. Malo alipo, koma mabuloko awiriwo sangawagwiritse ntchito.

Tiyeni titenge kashe yaing'ono ya mabayiti 4096 ya mtundu umenewu, kuti masamu asavute. Tili ndi mindandanda iwiri, `a` ndi `b`, uliwonse wa manambala 512, nambala iliyonse ya mabayiti 8. Ndiye kuti mndandanda uliwonse ndi mabayiti 4096, kukula kofanana ndendende ndi kashe. Tinene kuti `a` akuyambira pa adilesi 0 ndipo `b` akuyamba pomwe `a` wathera. Pulogalamu ili m'munsiyi ikuchulukitsa nambala iliyonse ya `a` ndi inzake ya `b`, n'kumaphatikiza mayankhowo mu `s`.

```c
for (int i = 0; i < 512; i++)
    s += a[i] * b[i];
```

Pulosesa iwerenga memori ka 1024, tikasiya `s` ndi `i` omwe amakhala mkati mwa pulosesa momwemo. Buloko likakhala la mabayiti 16, limanyamula manambala awiri, choncho mindandanda yonse iwiri ndi mabuloko 512, ndipo kuphonya kosapeweka kukhala 512. Tikakweza kufika pa 64, mabuloko atsala 128. Pa mabayiti 128, atsala 64. Apa palibe chobisika: pulogalamu ikamawerenga motsatizana, kuwirikiza buloko kawiri kumadula kuphonya kosapeweka ndi theka. Uwu ndiwo ubwino weniweni wa buloko lalikulu, ndipo si waung'ono.

Koma taonani zomwe zikuchitikadi mu kasheyi. Chipinda chimapezeka motere: gawani adilesi ndi kukula kwa buloko, tayani zotsala, kenako gawani yankholo ndi chiwerengero cha zipinda, chotsala cha kugawa kwachiwiriku ndiyo nambala ya chipinda. Popeza `b` ali patsogolo pa `a` ndi mabayiti 4096 enieni, `a[0]` ndi `b[0]` agwera chipinda chimodzi. Pulosesa yawerenga `a[0]`, buloko lake lalowa. Yawerenga `b[0]`, buloko la `a` latulutsidwa. Ikafuna `a[1]`, yemwe anali kale mu kashe kamphindi kapitako, sakupezekanso. Zimapitirira choncho mpaka kumapeto, ndipo kuwerenga konse 1024 kuphonya. Pa buloko la 64, kosapeweka ndi 128 kokha, kotsalako 896 ndi kolimbirana. Pa buloko la 128, kosapeweka ndi 64, kolimbirana ndi 960.

Chiwerengero chonse sichinasinthe, chili pa 1024, koma mtolo wochoka ku memori wakula. Pa buloko la 16 tanyamula mabayiti 16,384. Pa 64 tanyamula 65,536. Pa 128 tanyamula 131,072, pomwe zomwe timafuna zinali mabayiti 8192 basi. Buloko lililonse likutulutsidwa titangowerengamo nambala imodzi.

Wolemba pulogalamu wodziwa vutoli amasiya kampata pakati pa mindandanda iwiriyo. Tisiye mabayiti 64, kuti `b` ayambire pa 4160. Pa buloko la 64, `a` akakhala m'chipinda 0, `b` ali m'chipinda 1. `a` akamafika m'chipinda 1, `b` wasamukira kale m'chipinda 2, ndipo chomwe chikutulutsidwa ndi buloko lomwe tathana nalo. Kuphonya kwatsika kuchoka pa 1024 kufika pa 128, kosapeweka kokhakokha.

Tsopano pulogalamu yomweyo, ndi kampata komweko, tiipititse pa kashe ya mabayiti 4096 yomwe buloko lake ndi 128. Zipinda zatsala 32 m'malo mwa 64, ndipo chilichonse chikutenga dera lalikulu. Manambala 8 oyamba a `a` ali pa adilesi 0 mpaka 63, a `b` ali pa 4160 mpaka 4223, ndipo onsewa agweranso m'chipinda 0. Kulimbirana kwabwerera: kuwerenga 16, kuphonya 16. Pa manambala 8 otsatira `b` walowa m'chipinda 1, ndipo kuphonya kukhala kuwiri kokha, kumodzi kobwezera buloko la `a`, kwina kotenga buloko latsopano la `b`. Pa manambala 16 aliwonse taphonya ka 18, ndipo magulu otere alipo 32. Zonse pamodzi ndi 576. Kosapeweka kwatsika ndithu, kwafika pa 65, koma pulogalamu yomwe imaphonya ka 128 tsopano ikuphonya ka 576. Ndimakonda chitsanzo chimenechi chifukwa palibe chomwe chasintha kupatula buloko. Kashe ikakhala ya kukula komweko, buloko lalikulu limatanthauza zipinda zochepa, ndipo zinthu zomwe zinali m'zipinda zosiyana zimayamba kukumana.

Kuphonya kwa kuchepa malo ndiko komwe anthu ambiri amakufotokoza mwachidule kwambiri, n'kumangoti buloko likakula kumachuluka. Sikuti nthawi zonse zimatero. Kuti tikuone pakokha, tiganize za kashe yomwe buloko lingakhale m'chipinda chilichonse, ndipo ikadzaza imatulutsa lomwe lakhalitsa osakhudzidwa. Mu kashe yotere mulibe kulimbirana. Tikayendetsa pulogalamu yathu kachiwiri, mabayiti 8192 sakwana m'malo a 4096, choncho buloko lililonse liyenera kutengedwanso. Pa buloko la 64 ndi kuphonya 128, pa la 128 ndi 64. Apa buloko lalikulu lathandiza, chifukwa chilichonse chomwe labweretsa chagwira ntchito.

Zimatembenuka zinthu zikakhala zomwazikana. Tinene kuti pulogalamu imazungulira mobwerezabwereza pa manambala 200 a mabayiti 8, iliyonse ili kutali ndi inzake, monga zimakhalira pamene chinthu chimodzi chikuloza komwe kuli chinzake. Zofunika ndi mabayiti 1600 okha. Pa buloko la 16 zipinda zilipo 256, manambala onse 200 akwana, ndipo ulendo woyamba ukatha palibenso kuphonya. Pa buloko la 64 zipinda ndi 64 zokha. Nambala iliyonse yatenga chipinda chathunthu, mabayiti 8 ofunika ndi 56 osafunika, ndipo pomwe pulosesa ikubwerera pa nambala yoyamba, inatulutsidwa kalekale. Kuwerenga kulikonse kuphonya, ulendo uliwonse. Kashe ndi yomweyo ya mabayiti 4096, koma yomwe ikugwiradi ntchito ndi 512 yokha. Ndiye funso lofunika pa mtundu uwu si kukula kwa buloko pakokha, koma kuti mwa mabayiti omwe buloko labweretsa, ndi angati omwe awerengedwe lisanatulutsidwe.

Palinso mtengo wina womwe sumaoneka tikamangowerenga kuphonya. Buloko lalikulu limatenga nthawi yaitali kuti lifike lonse, ndipo limadzaza njira ya pakati pa kashe ndi memori. Nthawi yomwe pulosesa imataya ndi kuchuluka kwa kuphonya kuchulukitsa ndi kutalika kwa kudikira kulikonse. Choncho buloko lingathe kuchepetsa kuphonya pang'ono koma kompyuta n'kumachedwabe. Pa mapulogalamu ambiri, tikamakweza buloko kuchoka pa laling'ono, kuphonya kumatsika msanga, kenako kumaima, kenako kumayamba kukwera, ndipo kashe yaing'ono imafika msanga pokwererapo chifukwa zipinda zake zinali zochepa kale. Opanga mapulosesa amasankha pafupi ndi pansi pa chigwa chimenecho. A Intel ndi AMD akhala pa mabayiti 64 kwa zaka zambiri, pomwe mapulosesa a Apple monga M1 amagwiritsa ntchito 128.

Wolemba pulogalamu sangasinthe buloko la pulosesa yake, koma angathe kudziwa mtundu womwe ukumuvutitsa, ndipo ndikulimbikitsa kuti ayambire pamenepo asanasinthe kalikonse. Pa Linux, lamulo loyamba m'munsimu limaonetsa kukula kwa buloko, ndipo lachiwiri limayesezera kashe yomwe mwasankha nokha. Manambala atatu a m'lamulo lachiwirilo ndi kukula kwa kashe, kuchuluka kwa zipinda zomwe buloko limodzi lingasankhepo, ndi kukula kwa buloko.

```
getconf LEVEL1_DCACHE_LINESIZE
valgrind --tool=cachegrind --cache-sim=yes --D1=4096,1,64 ./prog
```

Sinthani nambala imodzi yokha pa ulendo uliwonse. Mukakweza yapakatiyo kuchoka pa 1 kufika pa 8 kuphonya n'kugwa kwambiri, vuto linali kulimbirana, ndipo mankhwala ake ndi kampata kokwana buloko lathunthu kapena kupewa kutalikirana konga 4096 ndi 8192. Mapulosesa ambiri enieni amalola kale buloko kusankha pakati pa zipinda zingapo, monga 4 kapena 8, choncho mindandanda iwiri yokha siingawasokoneze, koma mindandanda yambiri yotalikirana motero, kapena kuwerenga tebulo lalikulu la manambala motsika m'malo mopingasa, kumadzutsa vuto lomwelo. Kuphonya kukapanda kugwa mpaka mutakweza nambala yoyamba, ndiye kuti malo ndi omwe achepa, ndipo muyenera kugawa ntchito m'zidutswa zokwana mu kashe kapena kusonkhanitsa pamodzi zinthu zomwe zimawerengedwa limodzi. Chomwe chatsala mutakulitsa zonse ziwiri ndi chosapeweka chija, ndipo chimenecho chimachepa pokhapokha buloko likakula, zinthu zikapanikizidwa m'mabuloko ochepa, kapena pulosesa ikatengeratu mabuloko isanawafune.