Kodi "Muli bwanji?" ndi ulemu nthawi zonse?

"Mwana wanga wobadwira kuno ku Harare ndamuphunzitsa kunena 'Muli bwanji?' kwa aliyense. Si ulemu wokwana umenewu?"

Ayi, mawuwo paokha sakwana. Akatswiri oona za chiyankhulo ndi chikhalidwe amayang'ana kusintha kwa moni pakati pa anthu awiri omwewo. Taganizani za abwenzi awiri a ku Mbare amene tsiku lililonse amati "Uli bwanji, iwe?" Mmodzi akadzuka n'kunena "Muli bwanji, achimwene?" mnzake amadziwa kuti pali kanthu, mwina ngongole ija. Apa "mu-" akusonyeza kutalikirana, chifukwa ubwenzi wawo unali mu "u-". Koma "Uli bwanji?" yemweyo kwa apongozi ndi chipongwe.

Yankho nalonso limaulula. "Ndili bwino, kaya inu?" ndi lokwana, koma munthu akangoti "Ndilipo" osabweza funso, mwina wakwiya kapena akudwala. Musafulumire kuweruza, poti wothamangira kombi amadulanso moni.

Chishona nachonso chimasiyanitsa "Wakadii?" ndi "Makadii?", choncho mwana wanuyo khutu ali nalo kale. Muphunzitseni kumvetsera mmene akulu akumupatsira moni, komanso kubweza "kaya inu?"