Kalata yopempha wounika wa ku yunivesite ina kuti aone pepala la mayeso lisanasindikizidwe

Pepala la mayeso a ku yunivesite silichoka pa tebulo la mphunzitsi n'kupita molunjika m'manja mwa ophunzira. Liyenera kudutsa kaye m'maso mwa aphunzitsi anzake a m'dipatimenti, kenako limatumizidwa kwa katswiri wa phunziro lomwelo amene amagwira ntchito ku sukulu ina, kuti aone ngati mafunso ali omveka, ngati akugwirizana ndi zimene zinaphunzitsidwa, ndiponso ngati kulimba kwake kukufanana ndi kwa mayeso a msinkhu womwewo m'mayunivesite ena. Dongosolo limeneli linayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1830, pamene yunivesite ya Durham, itangokhazikitsidwa mu 1832, inkaitana oyesa ochokera ku Oxford pofuna kuti anthu akhulupirire madigiri ake, ndipo mayunivesite a kuno kwathu analitengera kumeneko. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi kalata yaifupi imene imaperekeza pepalalo, chifukwa ndemanga zimene wounikayo adzabweza zimadalira kwambiri zimene anafunsidwa komanso zimene anapatsidwa.

Wounika ameneyu sanakhalemo m'kalasi. Sadziwa kuti mutu wina unaphunzitsidwa mothamanga chifukwa semesita inafupika, sadziwa kuti ophunzira anachita kale ntchito ya m'munda pa mutu wakutiwakuti, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi mapepala enanso ambiri a dipatimenti yomweyo pamodzi ndi ntchito ya ku sukulu yake. Munthu wotere akalandira pepala lokha ndi mawu akuti "chonde tiunikireni", amawerenga mofulumira, amakonza kalembedwe ka mawu awiri kapena atatu, n'kubweza yankho lakuti pepala lili bwino. Yankho lotero limakwaniritsa lamulo, koma silitchinjiriza wophunzira aliyense.

N'chifukwa chake pepala siliyenera kuyenda lokha. Pamodzi nalo pazipita ndondomeko yochongera, imene imasonyeza yankho loyembekezeka la funso lililonse ndi kagawidwe ka malikisi ake, komanso chikalata cha phunzirolo chimene chimatchula mitu yake ndi zimene wophunzira ayenera kukwanitsa akamaliza. Ndi bwinonso kuikapo pepala la chaka chatha, kuti wounika aone ngati mafunso akubwerezedwa mwakuti wophunzira angakhoze pongoloweza mayankho akale, ndi ndemanga za aphunzitsi a m'dipatimenti amene anaona pepalalo poyamba. Mwa zonsezi, chimene anthu amakonda kusiya ndi ndondomeko yochongera, poti ambiri amailemba mayeso atalembedwa kale, pamene zolakwa zazikulu zimaonekera pomwe funso laikidwa pafupi ndi yankho lake.

Tiyeni titenge chitsanzo cha phunziro la chonde cha m'nthaka la ophunzira a chaka chachiwiri. Pepala ndi la maola 3 ndipo malikisi onse ndi 100. Gawo loyamba n'lokakamiza ndipo lili ndi malikisi 40, pamene m'gawo lachiwiri wophunzira asankha mafunso 3 mwa mafunso 5, lililonse la malikisi 20. Maola 3 ndi mphindi 180, kotero funso la malikisi 20 liyenera kutenga mphindi pafupifupi 36, ndipo pochotsa nthawi yowerenga pepala ndi yobwerera m'mayankho, zimatsala mphindi zongopitirira pang'ono 30. Mphunzitsi amene wachita masamu amenewa amadziwa kale funso limene likumukayikitsa, ndipo kalata yake iyenera kulitchula. Kalata zotere kuno zimalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake zingamveke motere:

"A Pulofesa, ndakutumizirani pepala la mayeso omaliza a phunziro la chonde cha m'nthaka, la chaka chachiwiri, limene silinasindikizidwe, pamodzi ndi ndondomeko yochongera, chikalata cha phunziroli, pepala la chaka chatha ndi ndemanga za komiti ya m'dipatimenti. Mayesowa apereka malikisi 60 pa 100 a phunziro lonse, ndipo otsalawo anachokera ku ntchito za m'kati mwa semesita. Mutu wa kuthirira sunaphunzitsidwe mokwanira chaka chino, choncho sindinafunsepo. Ndikupempha kuti muone pepala lonse, koma makamaka mundithandize pa zinthu zitatu. Choyamba, kodi mafunso asanu a gawo lachiwiri akufanana kulimba kwake, poti ndikuona ngati funso 5 likufuna nthawi yochuluka kuposa anzake? Chachiwiri, kodi funso 3 lingamveke m'njira ina yosiyana ndi imene ili m'ndondomeko yochongera? Chachitatu, kodi pepalali likuyenera ophunzira a chaka chachiwiri poyerekeza ndi zimene mumafunsa ku sukulu kwanu? Ndingathokoze mutandiyankha pasanathe milungu iwiri kuchokera lero, chifukwa ofesi ya mayeso idzafuna pepala lomaliza patangopita mlungu umodzi kuchokera pamenepo. Mawu otsegulira mafayilowa ndikuuzani pa foni."

Chiganizo chonena za mutu umene sunaphunzitsidwe ndi chimene aphunzitsi ambiri amachita nacho manyazi, koma ine ndimati chizilembedwa. Chikapanda kulembedwa, wounika adzataya nthawi kufunsa chifukwa chimene mutuwo wasowera, kapena adzalamula kuti muikemo funso limene ophunzira sangathe kuyankha. Akauzidwa zoona, angathenso kunena poyera kuti mutuwo ndi waukulu kwambiri moti dipatimenti iyenera kupeza njira youphunzitsira m'chaka chotsatira, ndipo mawu otero akalowa mu lipoti lake amakhala ndi mphamvu kuposa madandaulo a mphunzitsi mmodzi.

Tsopano tione funso 3, limene mphunzitsi walikayikira. Likunena kuti mlimi ali ndi munda wa maekala 2 ndipo akufuna kuthira nayitirojeni wokwana makilogalamu 92 pa hekitala, ndiye wophunzira awerengere kuchuluka kwa feteleza wa yureya amene akufunika. Yureya ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 alionse, choncho hekitala imodzi ikufuna makilogalamu 200, omwe ndi matumba 4 a makilogalamu 50. M'ndondomeko yochongera mphunzitsi walemba kuti yankho ndi makilogalamu 400, chifukwa polemba yankholo m'mutu mwake munali mahekitala 2. Koma hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47, kotero maekala 2 ndi mahekitala 0.81, ndipo yankho lolondola ndi makilogalamu pafupifupi 162. Cholakwa chotere chikadutsa, wophunzira wosamala amene wasintha maekala kukhala mahekitala ndiye amene amalandidwa malikisi, pamene amene sanaone kusiyanako amapatsidwa onse. Wounika amene wangolandira pepala sangachione, popeza funsolo palokha lilibe vuto. Amachiona pokhapokha atalemba yekha yankho n'kuliyerekeza ndi la mphunzitsi. Akachipeza, adzafunsanso funso lina lofunika, lakuti kodi kusintha maekala n'gawo la zimene mukufuna kuyesa, ndipo ngati ndi choncho, kodi mwapatula malikisi angati a sitepe imeneyo, nanga wophunzira amene walakwitsa pamenepo koma njira yotsatira ili yolondola alandira angati.

Nkhani ya funso 5 ndi yosiyana. Pamene wophunzira ali ndi ufulu wosankha, mafunso onse ayenera kukhala ofanana kulemera, apo ayi zotsatira zimasonyeza mwayi wa kusankha m'malo mwa nzeru. Tinene kuti funso 4 likuti wophunzira atchule ndi kufotokoza mwachidule zizindikiro za kusowa kwa michere isanu m'chimanga, pamene funso 5 likumupatsa zotsatira za nthaka yoyezedwa, kuti azitanthauzire, awerengere laimu wofunika, ndiponso alembe malangizo kwa mlimi. Loyambalo likufuna kukumbukira chabe ndipo lingathe m'mphindi 20, pamene lachiwirilo likufuna kuganiza ndi kuwerengera kwa mphindi zoposa 45, koma onse ali ndi malikisi 20. Wounika wabwino sadzangonena kuti funso 5 ndi lovuta. Adzanena kuti gawo la malangizo lichotsedwe, kapena kuti funso 4 lionjezeredwe gawo lofuna kuganiza, ndipo mphunzitsi adzasankha yekha chimene chikugwirizana ndi zimene anaphunzitsa.

Pali zinthu zimene kalatayi siyenera kupempha. Wounika si wolemba mafunso m'malo mwa mphunzitsi, ndipo si wokonza zilembo zolakwika. Pepala limene manambala a mafunso akulumphana kapena malikisi ake sakukwana 100 lisatumizidwe n'komwe, chifukwa maso a katswiriyo adzathera pa zinthu zimene mnzanu wa ofesi yoyandikana akanaziona. Kalata isapemphenso kuti angosaina chifukwa nthawi yatha. Milungu iwiri ndi nthawi yoyenera kwa munthu amene ali ndi ntchito yake, ndipo iwerengedwe chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku losindikiza, kusiya masiku okonzera zimene adzanene.

Za chinsinsi ndinene mwachidule koma motsindika. Pepala ndi mayankho ake zikakhala pamodzi, kutayika kwa uthenga umodzi kumaononga mayeso onse. Mafayilo azitsekedwa ndi mawu achinsinsi, mawuwo azidutsa njira ina osati mu imelo yomweyo, ndipo mafunso enieni asalembedwe m'thupi la kalata kapena kutumizidwa pa WhatsApp. Masukulu ambiri amafuna kuti zonse zidutse kwa mkulu wa dipatimenti kapena ku ofesi ya mayeso, ndipo pamene lamulo lili choncho mphunzitsi asatumize yekha.

Ndemanga zikabwera, mungadziwe ngati ntchito yagwirikadi poona ngati zikutchula mafunso ndi manambala ake komanso ngati zikukhudza ndondomeko yochongera. Zikakhala za mawu wamba oyamikira, n'koyenera kulembanso mwaulemu ndi kubwereza mafunso atatu aja. Mphunzitsi sakakamizidwa kuvomereza ndemanga iliyonse, pakuti iyeyo ndi amene akudziwa zimene zinachitika m'kalasi, koma ayenera kuyankha iliyonse polemba, kusonyeza imene watsata, mmene wasinthira funsolo, ndi chifukwa chimene ina waikanira. Ngati kusinthako kwakhudza funso lonse kapena kagawidwe ka malikisi, pepala lokonzedwalo libwererenso kwa wounika asanalisindikize, ndipo makalata onsewa asungidwe mu fayilo ya phunzirolo, chifukwa bodi ya mayeso idzawafuna ngati wophunzira adzadandaule za funso lina zotsatira zikatuluka.