Chilolezo cha pakamwa sichiteteza ganyu yanu

"Abwana akudziwa kale." Mawu amenewa ndatopa nawo. Pafupifupi aliyense amene amabwera ku ofesi yoona za antchito atagwidwa akugwira ganyu kwina amayamba ndi mawu omwewa, ndipo ndikamufunsa kuti pepala lake lili kuti, amayang'ana pansi. Abwana amene akudziwawo ndi munthu. Amasamutsidwa, amaiwala, ndipo zinthu zikathina amakana kuti sananenepo kanthu.

Lamulo la ntchito la Mozambiki, nambala 13/2023, limalola munthu kukhala ndi mabwana oposa mmodzi ngati mgwirizano wake wa ntchito sukumuletsa. Choncho musanalembe chilichonse, tulutsani kontalakiti yanu mufufuze mawu akuti "exclusividade". Akakhalapo, ndiye kuti munasaina nokha kuti simudzagwirira wina aliyense, ndipo kalata yanu yopempha chilolezo ikupempha abwana kuti akumasuleni pa lonjezo limenelo. Akapanda kukhalapo, pali chingwe china chimene chimamanga wantchito aliyense: simuloledwa kupikisana ndi amene anakulembani ntchito, kaya pa bizinesi yanuyanu kaya pogwirira munthu wina. Aphunzitsi, anamwino ndi ena a m'boma ali ndi malamulo awoawo okhwima kuposa awa, ndipo iwo asayambe n'komwe chilolezo cholembedwa chisanatuluke.

Pali makaniko wina amene nkhani yake imandiwawabe. Ankagwira pa kampani ina ya malole ku Mowatize, ndipo mkulu wa galaja anamuuza pakamwa kuti Lamlungu ndi lake, achite zimene akufuna. Anayamba ndi njinga zamoto za kwawo, palibe amene anadandaula. Kenaka mkulu uja anasamutsidwa. Tsiku lina Lamlungu, mkulu watsopano anamupeza ali pansi pa lole ya munthu amene nthawi zonse ankakonzetsa magalimoto ake ku kampaniko, atavala ovolosi ya chizindikiro cha kampani, m'manja muli sipanala ya m'bokosi la kuntchito. Pa mlandu wake panalembedwa zinthu zitatu: kulanda kasitomala, kugwiritsa ntchito zida za kampani, ndi kuchita zonsezi mobisa. Mkulu wakale atafunsidwa pa foni anati iye ankanena za njinga zamoto basi. Mwina ankanena zoona. Vuto ndi lakuti panalibe pepala losonyeza pamene chilolezo chinkathera, ndipo makanikoyo nayenso sankadziwa kuti wadumpha malire. Ntchito inatha, ana ali pasukulu. Kalata ya tsamba limodzi ikanamuuza iye mwini kuti lole ija asaikhudze.

Ndiye chifukwa chake ndimati kalata yabwino ndi yopanikiza nkhani. Ambiri amalemba kuti "ndikupempha chilolezo chochita tintchito tina pa nthawi yanga yopuma". Kalata yotere abwana anzeru amaikana, chifukwa sakudziwa chimene akuvomereza, ndipo akaivomereza sikutetezani pa chilichonse.

Tiyerekeze kalaliki wa m'nyumba yosungira katundu pa sitolo ya feteleza ndi mbewu ku Ulongwe. Amagwira Lolemba mpaka Lachisanu, ndi Loweruka mpaka 12 koloko masana. Mwini chigayo china wamupempha kuti azimulembera mabuku a ndalama. Pambuyo pa dzina lake, udindo wake ndi chaka chimene anayamba ntchito, pakati pa kalata yake payenera kumveka chonchi:

"Ndikupempha chilolezo choti ndizilemba mabuku a ndalama pa chigayo cha chimanga cha m'dera lathu, Loweruka lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 6 koloko madzulo, kwa miyezi 6 kuyambira pa 1 Juni. Chigayochi sichigulitsa feteleza, mbewu kapena mankhwala a mbewu, ndipo sichigula katundu ku sitolo ino. Sindidzagwiritsa ntchito kompyuta, foni, njinga kapena mapepala a sitolo, ndipo sindidzaulula mitengo kapena maina a makasitomala. Nthawi ya chipwirikiti cha feteleza mukandifuna Loweruka masana, ntchito ya pano ndiyo idzakhala patsogolo. Zinthu zikasintha ndidzakudziwitsani mwa kalata."

Taonani kuti watchula maola 4 pa sabata. Lamulo limaika maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata ngati muyeso wa ntchito, ndipo abwana akamawerenga kalata yanu amaphatikiza m'mutu maola anu onse kuti aone ngati Lolemba mudzafike muli ndi tulo. Kwa kalaliki, maola 4 saopsa. Kwa dalaivala kapena woyendetsa makina ku migodi ya malasha ndi nkhani ina, chifukwa tsiku lopuma limene anapatsidwa ndi loti agone, ndipo wogwira mashifiti alibe "madzulo" okhazikika. Wotere alembe kuti ganyuyo azigwira pa tsiku lachiwiri la mapumulo, osati atangotsika ku shifiti ya usiku kapena atatsala pang'ono kukwera.

Miyezi 6 ija si yokongoletsera. Abwana amavomera msanga chinthu chimene chili ndi tsiku lothera, popeza akudziwa kuti akhoza kuchiunikanso. Ikatha, mulembenso. Ndipo mwini chigayo akadzayamba kugulitsa mbewu pakhonde pake, chilolezo chija chafa tsiku lomwelo ngakhale miyezi isanakwane.

Za malipiro anu ochepa musalembemo. Ndikudziwa kuti ndicho chifukwa chenicheni, abwananso akudziwa, koma kalata yoyamba ndi madandaulo imawerengedwa ngati chitonzo ndipo yankho lake limabwera ndi mkwiyo.

Makampani ambiri kuno amafuna kalatayi m'Chipwitikizi, yotsekedwa ndi "Pede deferimento", malo, tsiku ndi siginecha. Apa ndi pamene anthu amagwera m'manja mwa otayipa makalata a pafupi ndi maofesi a boma. Ali ndi kalata imodzi yakale m'kompyuta, amangosintha dzina n'kulandira mametikali anu. Ndaonapo kalata ya mlonda yonena kuti akufuna kukaphunzitsa, chifukwa mwini wake woyamba anali mphunzitsi, ndipo mlondayo anasaina osamva chimene chalembedwa. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani, yambani mwalemba mfundo zanu m'Chichewa, wotayipayo amasulire zimenezo, kenaka munthu wina akuwerengereni mobweza musanasaine. Enanso amadzitcha odziwa malamulo n'kumakuuzani kuti abwana akakhala chete masiku angapo ndiye kuti avomera. Musamvere zimenezo. Pa kampani ya munthu, kukhala chete si siginecha, ndipo tsiku la mlandu mudzakhala nokha. Uphungu weniweni ukupezeka kwa a bungwe lanu la antchito kapena ku ofesi yoyendera za ntchito ya boma.

Kalatayo ipite kwa amene ali ndi mphamvu yosaina m'dzina la kampani, woyang'anira wanu angopatsidwa kope. Kupatula la woyang'anirayo, sindikizani makope awiri. Limodzi musiye, linalo akudindireni chidindo, alembepo tsiku ndi dzina la wolandira, mukalisunge kunyumba, osati m'dirowa ya kuntchito imene simudzaifikanso akakuimitsani. Perekani kalatayo kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti muyambe ganyuyo, ndipo m'kalatamo mutchule tsiku limene mukupempha kuti yankho likhale litafika. Likadutsa, lembani chikumbutso chachifupi chotchula tsiku la kalata yoyamba.

Amene mwayamba kale ganyu, imani kaye lero, mulembe kalatayo sabata ino, ndipo musanamizire kuti simunayambe. Kalata yobwera abwana atamva kale kwa ena imalowa m'failo ya mlandu ngati umboni wakuti munkadziwa kuti chilolezo chikufunika.