Musanalembe kalata yosinthira pulogalamu, yambani mwawerenga makosi amene adzakutsatireni

Zotsatira za chaka choyamba zikangotuluka, ofesi ya rejisitala imalandira makalata ambiri a ophunzira ofuna kusintha pulogalamu. Ena anasankhidwira maphunziro amene anawaika kumapeto pa fomu ya NCHE, ena alowa m'kalasi n'kupeza kuti mtima wawo suli pamenepo. Kupempha si mlandu ayi, ndipo ife ogwira ntchito m'maofesi amenewa timadziwa kuti mwana wa zaka 18 sangadziwe zonse pa tsiku lodzaza fomu. Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri amalemba kalata asanafufuze kuti mwa makosi amene anakhoza kale, ndi angati adzawerengedwe kumene akupitako. Yankho la funso limeneli ndi limene limanena ngati mudzamaliza m'zaka 4 kapena 5, ndiponso ndalama zimene makolo anu adzatulutse.

Choyamba, tsimikizani kuti kumene mukufuna kupitako kulidi m'yunivesite yanu. Mpaka 2021, Chancellor College ya ku Zomba, Polytechnic ya ku Blantyre, koleji ya madokotala ndi ya anamwino zinali nthambi za yunivesite imodzi. Lero nthambizo zinasanduka UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, mayunivesite atatu oima paokha, aliyense ndi seneti yake. Choncho kuchoka ku MUBAS kupita ku UNIMA si kusintha pulogalamu, koma kusamukira ku yunivesite ina, ndipo ndondomeko yake ndi ina. Pano tikukamba za munthu amene akhala pomwepo.

Kenako tengani setifiketi yanu ya MSCE muiyerekeze ndi zofunika polowa pulogalamu yatsopanoyo. Kukhala kale pa yunivesite sikufafaniza lamulo limeneli. Makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi anakulowetsani pachipata, koma pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna kuti munapezamo kirediti, kutanthauza giredi yapakati pa 1 ndi 6. Ngati pulogalamuyo ikufuna kirediti ya fizikisi inu muli ndi 7, kalata yanu ithera pa tebulo loyamba, ngakhale mutailemba mokoma bwanji.

Tsopano tifike pa nkhani yeniyeni. Tiyerekeze mtsikana amene wamaliza chaka choyamba cha akaunting'i, wakhoza makosi onse 10, asanu pa semesita iliyonse, ndipo akufuna kupita ku sayansi ya makompyuta. Iye m'mutu mwake akuona kuti chaka choyamba wathana nacho, akalowa chachiwiri. Mkulu wa dipatimenti ya makompyuta saona choncho. Amatenga thiransikiripiti ya mtsikanayo, n'kuika pambali pake mndandanda wa makosi a chaka choyamba a pulogalamu yake, n'kuyamba kufunsa pa kosi iliyonse: kodi zimene anaphunzirazo ndi zomwezi? Kodi anaziphunzira kwa maola ofanana, pa mlingo wofanana? Kodi anakhoza?

Makosi awiri a luso la chiyankhulo ndi kalembedwe amadutsa mosavuta, chifukwa nthawi zambiri dipatimenti imodzi ndi imene imaphunzitsa ophunzira onse a chaka choyamba, ndipo nambala ya kosiyo ndi imodzi. Nambala ikakhala imodzi, palibe chokambirana. Kosi ya chiyambi cha sitatisitikisi nayo ikhoza kudutsa ngati mitu yake ikugwirizana. Kosi ya ekonomikisi ilibe mnzake ku makompyuta, koma ngati pulogalamuyo ili ndi malo a kosi yosankha wekha, ikhoza kukhala pamenepo. Makosi awiri a akaunting'i ndi imodzi ya malamulo a bizinesi atsala. Adzaonekabe pa thiransikiripiti, koma sadzathandiza kukwaniritsa digiri yatsopanoyo.

Pali makosi ena atatu, ndipo apa ndi pamene misozi imagwa. Mtsikanayu anakhoza bwino makosi awiri a masamu a bizinesi, ndipo akudabwa kumva kuti sawerengedwa, pamene ku makompyuta nakonso kuli masamu awiri m'chaka choyamba. Dzina likufanana, koma zam'kati n'zosiyana. Masamu a bizinesi amakhazikika pa chiwongoladzanja, kutsika mtengo kwa katundu ndi kuwerengera phindu. Masamu a ku sayansi amalowa mozama mu alijebula, tirigonometire ndi kalikulasi, ndipo makosi a chaka chachiwiri amamangidwa pamwamba pa zimenezo. Chimodzimodzinso kosi yake ya makompyuta: anaphunzira kulemba makalata ndi kukonza matebulo a ziwerengero pa kompyuta, pamene anzake a ku sayansi ya makompyuta anatha chaka chonse akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mkulu wa dipatimenti akakana makosi amenewa sakuchita nkhanza. Akamulola, mtsikanayo akalowa m'kalasi imene mphunzitsi akuyambira pa zinthu zimene iye sanazionepo.

Ndiye pa makosi 10, anayi okha ndi amene amutsatira. Ndipo vuto si kuchepa kwa nambalayo kokha. Makosi amene akusowawo ndi amene amatsekula khomo la chaka chachiwiri. Sungalembetse kosi ya kasanjidwe ka deta usanakhoze kosi ya kulemba mapulogalamu. Khoma siliyambira pa zenera, limayambira pa maziko. Mtsikanayu abwerera ku chaka choyamba, ndi makosi ochepa pang'ono kuposa anzake, ndipo digiri ya zaka 4 imutengera zaka 5.

Mnzake amene akuchoka ku maphunziro a uphunzitsi wa sayansi kupita ku digiri ya masamu nkhani yake ikhoza kukhala yosiyana kwambiri. Masamu, fizikisi ndi kemisitiri a chaka choyamba kawirikawiri amaphunzira m'kalasi imodzi ndi a sayansi, choncho amataya makosi a kaphunzitsidwe okha, n'kupitirira chaka chachiwiri. Mapulogalamu akayandikana, zotayika zimachepa. Ndipo mukachedwa, zotayika zimachuluka: amene akusintha ali chaka chachitatu amasiya m'mbuyo makosi ambiri a luso lapadera amene alibe ntchito kwina.

Kuwerengera kumeneku mukhoza kukuchita nokha musanaonane ndi aliyense. Pemphani maautilaini a makosi amene munakhoza, komanso a makosi a chaka choyamba a kumene mukupita. Autilaini imalemba mitu ya sabata ndi sabata, maola a m'kalasi ndi a mu labu, ndi mmene kosiyo imayesedwera. Jambulani mizati itatu pa pepala: kosi yanga, kosi yawo, zofanana ndi zosiyana. Musadzikondere. Kosi yopanda labu siingalowe m'malo mwa kosi ya labu, ndipo kosi imene mudakali nayo ndi sapu kapena imene munalephera siisamuka. Pepala limeneli mupite nalo kwa mkulu wa dipatimenti imene mukufuna kulowa, mufunsenso ngati malo alipo. M'mapulogalamu a zaumoyo ndi a uinjiniya malo amachepa chifukwa cha malabu ndi malo ophunzirira ntchito, ndipo munthu woyenera akhoza kukanidwa chifukwa kalasi yadzaza basi.

Za kalata. Amene akuiwerenga akufuna kudziwa ngati mukathe maphunziro atsopanowo. Kalata yodandaula kuti pulogalamu yanu ndi yovuta, kapena kuti aphunzitsi sakukondani, imawapatsa mantha oti mukavutikanso kwawo. Yonena kuti kuyambira muli mwana munkalota za makompyuta siwauza chimene angayeze. Onani iyi:

"Ndikupempha kuchoka ku akaunting'i kupita ku sayansi ya makompyuta kuyambira chaka chamawa cha maphunziro. Pa MSCE ndinapeza 2 mu masamu ndi 4 mu fizikisi. Chaka chino ndakhoza makosi onse 10, ndipo magiredi anga apamwamba ali mu masamu ndi sitatisitikisi. Ndayerekeza makosi a mapulogalamu awiriwa ndipo ndikuona kuti anayi akhoza kuwerengedwa. Mndandanda wake ndaphatikiza. Ndikudziwa kuti ndiyambiranso chaka choyamba, ndipo amalume anga amene amandilipirira avomereza, monga kalata yawo ikusonyezera."

Kalata yeniyeni mudzailemba m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale zimenezi. Ngati chifukwa chanu ndi matenda kapena ulumali, monga munthu amene mankhwala a mu labu akumudwalitsa, nenani mosabisa ndipo phatikizani kalata ya kuchipatala. Ngati magiredi anu ndi otsika, musabise, chifukwa thiransikiripiti ili pa tebulo lomwelo. Sonyezani makosi amene munachita bwino ndi mmene akugwirizanirana ndi kumene mukupita. Amene watsala pang'ono kuchotsedwa pa sukulu chifukwa cholephera adziwe kuti kusintha pulogalamu sikufufuta mbiri yake, ndipo m'malamulo a masukulu ambiri munthu ayenera kukhala atakhoza kuti pempho lake liganiziridwe.

Nkhani ya ndalama ikambidwe kalata isanapite. Chaka chowonjezera ndi fizi, chakudya ndi malo ogona a chaka chathunthu. Amene ali pa ngongole ya HESLGB akumbukire kuti ngongole imabwezedwa, ndipo ayenera kudziwitsa bungwelo za kusinthako kuti zolemba zawo zigwirizane ndi za yunivesite. Amene akulipiriridwa ndi kampani, mpingo kapena bungwe ayambe wafunsa, chifukwa thandizo lina limaperekedwa pa maphunziro akutiakuti okha, ndipo limatha munthu akangosintha.

Kalata imadutsa kwa mkulu wa dipatimenti imene mukuchoka, kwa wa imene mukupita, kwa akulu a masukulu amene madipatimenti awiriwa ali pansi pake, kenako ku komiti ya zamaphunziro, ndipo yankho limatuluka kwa rejisitala. Masiku operekera pempho ali m'buku la malamulo a ophunzira ndi pa kalendala ya chaka. Pempho lofika semesita ili pakati limadikira kawirikawiri mpaka chaka chinacho. Nthawi yonse yodikirayi pitirizani kulowa m'makalasi a pulogalamu yanu yakale ndi kulemba mayeso ake. Ndaonapo mnyamata amene mphunzitsi wina anamuuza m'khonde kuti palibe vuto, iye n'kuyamba kukhala m'kalasi yatsopano. Pempho linakanidwa. Ku pulogalamu yakale analibe malikisi a ntchito za m'kati mwa semesita, ku yatsopano dzina lake kunalibe, ndipo chaka chinapita chonse.

Yankho likabwera lovomera, onani ngati kalatayo yatchula chaka chimene mukulowa ndi makosi amene awerengedwa, lililonse ndi nambala yake. Ngati yangoti pempho lavomerezedwa, bwererani mukapemphe mndandandawo wolembedwa ndi kusainidwa, chifukwa mkulu wa dipatimenti amene munagwirizana naye akhoza kukhala atachoka pofika chaka chanu chomaliza, pamene ofesi idzawerenge makosi anu kuti ione ngati mwakwanitsa digiri. Mukalembetsa semesita yoyamba, tsekulani akaunti yanu ya pa intaneti ya yunivesite, muone ngati dzina la pulogalamu lasintha komanso ngati makosi owerengedwawo akuoneka, ndipo chimene chasowa mukachinene ku ofesi sabata yomweyo.